Kuzama pa luso limodzi kapena kudziwa zambiri: mmene zimakhalira pakatha zaka 20

Munthu amafunsa funso ili ali ndi zaka 25, koma yankho lake amaliona ali ndi zaka 45. Pa zaka zoyamba za ntchito njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Wozama pa luso limodzi amakwera malipiro msanga, wodziwa zambiri amapeza ntchito paliponse, ndipo onse awiri amagona tulo tabwino. Kusiyana kumabwera tsiku limene nthaka yagwedezeka: chida chimene munthu wachidalira chasiya kugwiritsidwa ntchito, kapena kampani yagulidwa ndi ena, iye ali ndi ana ku sukulu ndipo sangayambirenso pansi ngati mnyamata.

Maganizo anga ndi akuti funsoli timalifunsa molakwika. Chimene chimakalamba si kuzama kapena kutambasuka. Chimakalamba ndi chinthu chimene mwazamapo. Kuti zimveke, tiyambe ndi akatswiri a magulu awiri a pa kompyuta, ozama mofanana, amene anathera kosiyana.

Anthu a Flash ndi anthu a COBOL

M'zaka za m'ma 2000, masewera ambiri, makanema ndi zotsatsa malonda za pa intaneti zinkayenda pa pulogalamu yotchedwa Flash. Kampani ya Macromedia ndi imene inkaipanga kuyambira mu 1996, ndipo Adobe inagula kampaniyo mu 2005. Munthu wodziwa bwino Flash ndi chilankhulo chake cha ActionScript sankasowa ntchito. Kenako iPhone inatuluka mu 2007 yopanda Flash. Mu Epulo 2010 Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple yopanga iPhone, analemba kalata yapoyera yofotokoza chifukwa chimene Apple sidzalolera Flash pa mafoni ake. Mu Novembala 2011 Adobe yeniyeniyo inasiya kukonza Flash ya m'mabulawuza a pa foni. Mu Julayi 2017 inalengeza kuti pulogalamuyo ikutha, ndipo pa 31 Disembala 2020 inathadi.

Tayang'anani zakazo. Kuchokera pa chizindikiro choyamba kufika pa maliro panadutsa zaka 13. Palibe amene anadzidzimutsidwa usiku umodzi. Vuto linali lakuti pa zaka zoyambirira za kufa kwake ntchito za Flash zinalipobe, ndipo munthu amene akulandira bwino lero savomera msanga kuti bwato likulowa madzi. Amene anasamuka mwachangu anapeza kuti ActionScript ndi JavaScript, chilankhulo choyendetsera masamba a pa intaneti, n'zapachibale, choncho zambiri zimene ankadziwa zinapita nawo limodzi. Ankadziwa kale mmene chithunzi chimayendera kuti diso lisatope, mmene masewera amagwirira mtima wa wosewera, mmene ungachepetsere fayilo kuti itseguke msanga. Amene ankangodziwa mabatani a pulogalamuyo ndi amene anatsala manja lende.

Tsono taonani COBOL. Chilankhulo ichi cholembera mapulogalamu a pa kompyuta chinayamba mu 1959, ndipo kwa zaka zambirimbiri anthu akhala akulosera imfa yake. Koma chikuyendetsabe makina a mabanki, a inshuwalansi ndi a maboma ambiri. Pamene chaka cha 2000 chinkayandikira, makampani anasakasaka anthu ochidziwa kuti akonze mapulogalamu amene ankasunga chaka ndi manambala awiri okha. Mu Epulo 2020, anthu ochuluka atachotsedwa ntchito chifukwa cha mliri wa korona, bwanamkubwa wa New Jersey ku Amereka, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti adzathandize pa makina olipira anthu osowa ntchito.

N'chifukwa chiyani chakalekale chili moyo pamene chatsopano chinafa? Pali zifukwa ziwiri, ndipo mungaziyese pa luso lililonse. Choyamba ndi mwini wake. Flash inali ya kampani imodzi, ndipo inkadalira chilolezo cha makampani ena opanga mafoni ndi mabulawuza. Iwo atatseka chitseko, nkhani inathera pomwepo. COBOL ilibe mwini mmodzi amene angaithetse ndi kalata. Chachiwiri ndi mtengo wochichotsa. Kuchotsa kanema wa Flash pa tsamba ndi ntchito ya masiku ochepa. Kuchotsa pulogalamu imene yakhala ikuwerengera chiwongoladzanja cha maakaunti ambirimbiri kwa zaka 40, yokhala ndi malamulo amene owalemba anapuma ntchito kalekale, ndi ntchito ya zaka, ndipo ikalakwika bankiyo imagwada.

Komabe musathamangire kunena kuti wa COBOL ndiye wamwayi pa zonse. Luso lotere limakalamba ngati mudzi umene anthu akusamuka pang'onopang'ono. Olemba ntchito amachepa chaka ndi chaka, ndipo amakhala m'mizinda yowerengeka. Mukayambana ndi bwana, kopita n'kochepa. Munthu wa zaka 55 amene wangotsala ndi zaka 10 angakhalemo mosatekeseka mpaka kupuma. Wa zaka 30 akuika moyo wake wonse wa ntchito pa chiyembekezo chakuti mabanki apitiriza kuzengereza.

Pamene vuto lenilenilo lathetsedwa

Pali ngozi ina imene akatswiri saiganizira: kuti vuto limene amadyerapo litha. Kwa zaka zambiri chilonda cha m'mimba chinali matenda a opaleshoni. Madokotala ankadula mtsempha umene umalamula mimba kutulutsa asidi, kapena kuchotsa mbali ya chifu, ndipo ena anatchuka ndi ntchito imeneyo. Mu 1976 kunabwera mankhwala a simetidini ochepetsa asidi. Mu 1982 Robin Warren ndi Barry Marshall ku Perth, Australia, anakwanitsa kuchulukitsa mu labotale kachilombo kamene tsopano timakatcha Helicobacter pylori, ndipo anaonetsa kuti zilonda zambiri zimayamba ndi iko. Mu 1984 Marshall anamwa dala tizilomboto kuti atsimikizire anzake okayika. Onse awiri analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Masiku ano chilonda chotere nthawi zambiri chimachira ndi mapiritsi a sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo opaleshoni yatsalira kwenikweni kwa amene chilonda chaboola chifu kapena chikutaya magazi osasiya.

Madokotala aja sanathe ntchito, ndipo apa mpamene pali phunziro. Pansi pa opaleshoni imodziyo panali maziko otakata: kudziwa mkati mwa mimba ngati chikhatho chako, kuletsa magazi, kusoka matumbo, kuzindikira wodwala amene akuipiraipira pa tsiku lachitatu atachitidwa opaleshoni. Zimenezo anapita nazo ku matenda ena a m'mimba. Maphunziro a udokotala anakonzedwa dala motero, kuti munthu ayambe waphunzira thupi lonse asanasankhe chiwalo chimodzi. Ntchito zambiri zilibe dongosolo limenelo. Munthu amalowa pa ntchito, apatsidwa makina amodzi, ndipo pakatha zaka 15 amatchedwa katswiri wopanda maziko pansi pake.

Wodziwa zambiri amakalamba bwanji

Anthu okonda kutamanda kudziwa zambiri amatchula nkhani ngati za Flash n'kunena kuti mwaona, osaika zonse pamodzi. Ine ndakhalapo mbali ya ofunsa pa intavyu, ndipo ndaona mbali ina ya nkhaniyi imene siikambidwa.

Kumabwera bambo wa zaka 47. Wagwira zaka 18 pa kampani imodzi yaing'ono. Netiweki ikavuta ndi iye, pulinta ikafa ndi iye, lipoti la mwezi ndi iye, kukambirana ndi ogulitsa katundu ndi iye. Kampaniyo yagulidwa ndi ina yaikulu imene ili ndi dipatimenti ya chilichonse mwa zimenezi, ndipo iye wauzidwa kuti malo ake palibe. Mukamufunsa za netiweki amayankha bwino mafunso awiri oyamba, lachitatu amayamba kukanda m'mutu. Pa nkhani ya maakaunti chimodzimodzi. Pamzere womwewo pali mtsikana wa zaka 28 amene wachita netiweki yokha kwa zaka zisanu, wayankha mafunso onse, ndipo akufuna malipiro ochepa. Zimapweteka, chifukwa mukudziwa kuti bamboyo ndi amene ankanyamula kampani ija pamsana. Koma chimene ankadziwa kwambiri sichinali netiweki kapena maakaunti. Ankadziwa kampani ija: chingwe chimene chimadutsa kudenga, kasitomala amene amalipira mochedwa koma amalipira, fayilo imene osaigwira. Nzeru imeneyo ndi yeniyeni, koma simutuluka nayo pa geti.

Choncho wodziwa zambiri alinso ndi chimene amazamapo mosadziwa, ndicho malo ake a ntchito. Ngozi yake ndi yofanana ndi ya munthu wa Flash, kungoti mwini wa chida chake ndi bwana wake.

Vuto lina ndi la thupi. Wodziwa zambiri amadyera pa kuphunzira zatsopano msanga. Akatswiri a za maganizo, kuyambira ndi Raymond Cattell, amasiyanitsa nzeru zothetsa msanga vuto lachilendo ndi nzeru zosonkhanitsidwa m'kupita kwa zaka. Zoyambazo zimayamba kutsika pang'onopang'ono munthu akadali wamphamvu, pamene zachiwirizo zimapitiriza kukula mpaka atakalamba. Munthu wa zaka 50 amaphunzira ndithu, koma akamapikisana ndi wa zaka 25 pa liwiro lokha, wopanda mwana womudzutsa usiku, akupikisana pa bwalo la mnzake.

Koma pali wodziwa zambiri wa mtundu wina amene amakoma ndi zaka. Ganizirani gogo amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, mawondo opweteka ndi impso zofooka. Dokotala wa mafupa angamupatse mankhwala a ululu a gulu la aibupulofeni. Wa shuga anamupatsa kale metifomini. Aliyense wachita bwino pa gawo lake. Dokotala wa matenda osiyanasiyana, amene amaona gogoyo yense, ndi amene amazindikira kuti mankhwala a ululuwo angaononge impso zofooka kale, komanso kuti impso zikafooka mlingo wa metifomini uyenera kutsitsidwa kapena kusiyidwa. Ntchito yake ili pa mfundo pamene magawo amakumana, pamene katswiri aliyense amati apa si panga.

Kusiyana kwa dokotalayu ndi bambo wa pa intavyu uja n'kotani? Bamboyo ankagwira ntchito zisanu zosiyana, iliyonse payokha. Dokotalayu amagamula nkhani imodzi imene imafuna magawo asanu nthawi imodzi. Woyambayo angalowedwe m'malo ndi achinyamata asanu, kapena ndi makampani ochita ntchitozo pa kontirakiti. Wachiwiriyo sangagawidwe. Ndipo luso logamula limakula ndi chiwerengero cha milandu imene munthu waiona, choncho zaka zimamugwirira ntchito. N'chifukwa chake odziwa zambiri amene zimawayendera nthawi zambiri amathera pa umanijala, pa kuyang'anira mapulojekiti kapena pa bizinesi yawo. Ngati simukonda kuyang'anira anthu, kukangana za bajeti ndi kuyankha mlandu wa zolakwa za ena, dziwani kuti njira imeneyi ikukutengerani kumene simukufuna.

Kuwerenga sabata yanu

M'malo modzifunsa ngati ndinu katswiri kapena wodziwa zambiri, tengani sabata imodzi ya ntchito muigawe. Tiyerekeze mayi wa zaka 38 amene wayang'anira pulogalamu yolipira antchito pa kampani imodzi kwa zaka 11. Akalemba maola ake 40 akupeza kuti maola 18 amathera pa pulogalamuyo: kusintha masikirini, kukonza malipoti, kudziwa batani limene limakanirira. Maola 10 amathera pa za kampaniyo: nthambi imene imatumiza maola a ovataimu mochedwa, bwana amene amafuna lipoti lake mwanjira yake. Maola 4 ndi misonkhano. Maola 8 okha ndi amene amaganiza za vuto lenileni la malipiro: mmene msonkho umawerengedwera, malipiro obwerera m'mbuyo munthu akakwezedwa, kuyanjanitsa ndalama zotuluka ndi mabuku a maakaunti.

Tsono afunse mafunso awiri. Opanga pulogalamuyo akaisiya, maola 18 aja apita. Iye akachoka pa kampaniyo, maola 10 aja apita. Zonse zikachitika pamodzi, monga zimachitikira kampani ikagulidwa, akutuluka ndi maola 8 pa 40, gawo limodzi mwa magawo asanu. Mayiyu anzake amamutcha katswiri, ndipo ndi katswiri ndithu, koma wa zinthu zimene si zake.

Patsogolo pake pali njira zitatu. Angazame kwambiri pa pulogalamuyo, atenge masatifiketi onse a opanga ake. Imeneyi ndi imene imalipira msanga, ndipo si yopusa ngati pulogalamuyo ikugulidwabe ndi makampani atsopano. Chizindikiro choyang'ana ndi chimenecho: osafunsa kuti ndi angati akuigwiritsa ntchito, funsani kuti ndi angati ayamba kuigwiritsa ntchito chaka chino. Onaninso zotsatsa ntchito. Zikayamba kunena kuti tikufuna munthu wosamalira makina akale, kapena wotithandiza kusamukira ku ena, dziwani kuti dzuwa lapendeka ngakhale malipiro akuoneka okoma.

Angatambasuke: avomere kutenganso za kulemba antchito, za kugula katundu, za maphunziro a antchito. Mabwana amakonda munthu wotere chifukwa savuta kumutuma. Koma maola 10 a za kampani aja asanduka 20, ndipo pakatha zaka 10 adzakhala pa mpando wa bambo uja. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Njira yachitatu ndi yokulitsa maola 8 aja, ndipo ndi imene ndingamulangize. Mpata wake waukulu umabwera pa ntchito imene aliyense amaithawa: kusamutsa malipiro kuchoka pa pulogalamu yakale kupita pa yatsopano. Pa ntchito imeneyi mapulogalamu onse awiri amayendetsedwa limodzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo malipiro a munthu aliyense amayerekezedwa mzere ndi mzere. Pamene manambala asiyana ndi pamene sukulu ili.

Nachi chitsanzo cha zimene amapeza. Mwezi uli ndi masiku 31 ndipo wayamba Lolemba, choncho masiku ogwira ntchito ndi 23. Wantchito watsopano wayamba Lachitatu pa 17, ndipo malipiro ake a mwezi wathunthu ndi 100,000. Pulogalamu yakale ikuwerenga masiku a pa kalendala, 15 pa 31, n'kumupatsa 48,387. Yatsopano ikuwerenga masiku ogwira ntchito, 11 pa 23, n'kumupatsa 47,826. Kusiyana ndi 561. Palibe pulogalamu imene yalakwa masamu. Funso ndi lakuti kalata ya ntchito ya munthuyo ndi malamulo a dzikolo akuti chiyani, ndipo ndani anasankha njira yakaleyo, pa chifukwa chanji. Wodziwa mabatani okha amangosintha nambala kuti zifanane. Mayiyu akafufuza nkhani 30 zotere, n'kukhala pansi ndi a maakaunti, a zamalamulo ndi opanga pulogalamu, amatuluka ndi zinthu ziwiri. Wazama pa vuto limene silidzatha malinga ngati anthu akulipidwa, ndipo watambasukira ku magawo oyandikana nalo, osati kulikonse kumene bwana wamuloza. Pa sivi yake padzalembedwa kuti anasamutsa malipiro a anthu angapo popanda wina kulandira zolakwika, chinthu chimene kampani ina iliyonse ingachimve.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Ngati mpata wotere sukupezeka pa ntchito, ayenera kuupanga ndi nthawi yake. Maola 5 pa sabata kwa masabata 46 ndi maola 230 pa chaka, maola 690 pa zaka zitatu. Amenewo ndi okwana kuti munthu amene ali kale ndi maziko afike poti angadaliridwe pa gawo loyandikana ndi lake. Si okwana kuti wa malipiro asanduke injiniya wa milatho. Ndi chifukwa chake kusamuka kumayenda bwino kukakhala kwa phazi limodzi, lina lili pamene mukupadziwa. Pa zaka zitatuzo mnzake amene anatenga masatifiketi a pulogalamu angamupitirire pa malipiro, ndipo zimenezo zimaluma.

Amene upangiri wangawu sukuwakhudza

Pali ntchito zimene kuzama kotheratu ndiye njira yokha. Katalin Karikó anakakamira pa kafukufuku wa mRNA, uthenga umene umauza maselo a thupi mapuloteni oti apange, kwa zaka zambiri, mpaka kutsitsidwa udindo pa yunivesite ya Pennsylvania mu 1995 chifukwa thandizo la ndalama za kafukufuku silinkabwera. Mu 2005 iye ndi Drew Weissman anasindikiza zotsatira zimene zinadzathandiza kupanga katemera wa korona, ndipo mu 2023 analandira mphoto ya Nobel. Munthu womwazikana sakanafika pamenepo. Koma nkhani zotere timazimva chifukwa zinatha bwino. Anzake amene anakakamira chimodzimodzi pa zinthu zimene sizinabale kanthu sitiwadziwa maina. Amene akusankha njira imeneyi asankhe akudziwa kuti akuchita juga ndi zaka zake, ndipo aone ngati angapirire zaka 20 popanda womuombera m'manja.

Msinkhu nawonso umasintha masamu. Wa zaka 24 sanadziwebe chimene angazamepo, choncho zaka zitatu kapena zinayi zolawa ntchito zosiyanasiyana sizimutayitsa zambiri, chifukwa malipiro amene akutaya ndi aang'ono. Wa zaka 35 amene sanazamepo pa chilichonse achite changu, chifukwa pa msinkhu umenewu olemba ntchito amayamba kufunsa chimene mumachita kuposa ena. Wa zaka 52 amene luso lake likufa pang'onopang'ono awerenge zaka za mitundu iwiri: zimene zamutsalira iye, ndi zimene zatsalira lusolo. Ngati zachiwirizo zikuposa zoyambazo, akhale pomwepo, akweze mtengo wake pamene odziwa anzake akupuma, ndipo kampani ikaganiza zosamukira ku makina atsopano, akhale woyamba kupempha kuti aikidwe m'gulu losamutsalo, chifukwa ndi iye yekha amene akudziwa chifukwa chake pulogalamu yakale ija imawerenga masiku 15 pa 31.